Kupepukitsa zithunzi za madiresi a chitenje pa tsamba la shopu ya ku Limbe: momwe ntchito ikuyendera

Lolemba, 3 Marichi

Ndayamba lero ntchito ya tsamba la mayi ena osoka zovala ku Limbe. Amasoka madiresi a chitenje, makamaka a chinkhoswe ndi ukwati, ndipo ambiri mwa ogula awo sakhala mu Blantyre muno. Ena ali ku Lilongwe, ena ku Mzuzu, ena ku Joni, moti amasankha diresi poona chithunzi pa foni basi. Tsambalo linapangidwa kale chaka chatha. Ine andiitanira zithunzi zokha.

Nditangokhala pansi mayiwo anati: "Achimwene, poyamba anthu ankati tsamba langa likuwathera bandulo. Mwana wa mchemwali wanga anazichepetsa zithunzizo, ndiye pano akuti madiresi akuoneka mbuu ngati pali chifunga. Nanga ndilowere kuti?"

Ndinapeza kuti masamba alipo awiri. Lakale likadali pa seva, lili ndi zithunzi 24 monga momwe zinachokera mu kamera ya foni, zambiri mwa izo za mapikiselo 3000 m'lifupi ndi 4000 m'litali, chilichonse cholemera pafupifupi 3.8 MB. Zonse pamodzi ndi 91 MB. Pa netiweki ya megabiti imodzi pa sekondi, megabaiti iliyonse imatenga masekondi 8, choncho munthu angadikire mphindi 12 kuti aone madiresi onse. Ndani angadikire choncho ali mu minibasi?

Latsopanolo ndi lopepukadi, koma zithunzi zake ndi zija zomwe mnyamatayo anadzitumizira yekha pa WhatsApp, kenako n'kuzichepetsanso ndi kapulogalamu kena ka pa foni mpaka 300 m'lifupi. Pa mndandanda wa madiresi zikuonekako bwino pang'ono. Ukadina diresi kuti likule, chithunzi chomwecho cha 300 chikukokedwa kuti chidzaze sikirini yonse, ndipo maluwa a chitenje akusanduka phala.

Mnyamatayo sanalakwe kwenikweni. Anaona kuti katundu walemera, n'kumutsitsa yense kamodzi. Chimene sanadziwe n'chakuti pa chithunzi pali zinthu ziwiri zosiyana zomwe munthu angachepetse: kukula kwake, kutanthauza chiwerengero cha mapikiselo, ndi kufinyidwa kwake, kutanthauza kuchuluka kwa timizere ndi timadontho tomwe talola kuti titayidwe. Ntchito yanga sabata ino ndi kupeza muyeso wa chilichonse mwa ziwirizi paokha.

Lachiwiri, 4 Marichi

Tsiku lonse lathera pa kusonkhanitsa zithunzi zoyambirira. Sindikufuna kuyambira pa chithunzi chomwe chinafinyidwa kale kawiri, chifukwa JPEG ikataya kanthu sikabwereranso, ndipo ukaifinyanso imataya zina pamwamba pa zotayika kalezo. Zili ngati kupanga fotokope ya fotokope.

Pa madiresi 24 aja, atatu zithunzi zake za pa seva n'zosathandiza. Ndinazitsegula pa laputopu n'kuzikulitsa mpaka 100%, ndipo msoko wa m'khosi ukuoneka pawiri. Izi si za kufinya ayi, ndi dzanja lomwe linagwedezeka pojambula m'kati mwa shopu momwe kuwala n'kochepa. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Chithunzi chogwedezeka chimakhala ndi mizere yokokekera mbali imodzi, chokokedwa mopitirira kukula kwake chimafewa ponseponse mofanana, pomwe chofinyidwa kwambiri chimaonetsa timabokosi ndi tizinyalala m'mphepete mwa mizere. Mwa zitatuzi, chogwedezeka chilibe mankhwala ena koma kujambulanso.

Tinatulutsa chidole chovekapo madiresi n'kuchiimika pakhonde. Kunali mitambo, mvula itangokata, ndipo kuwala kotereku ndi kwabwino kuposa dzuwa lamasana lomwe limawalitsa chitenje chowawuka sitachi mpaka mitundu n'kuthawa. Kumbuyo tinapachika nsalu yotuwa yopanda maluwa. Poyamba mayi ankafuna kuti kumbuyo kuzioneka mashelefu odzaza zitenje, kuti anthu adziwe kuti katundu alipo wambiri. Ndinawauza kuti kaluwa kalikonse ka kumbuyoko kamalipiridwa ndi bandulo ya kasitomala, chifukwa malo osalala amafinyika kwambiri pomwe malo a maluwa ambiri safinyika. Anavomera, koma tagwirizana kuti chithunzi chimodzi cha mashelefuwo chikhale pa tsamba lofotokoza za shopu.

Mtsikana wothandiza pa shopu ndamupempha kuti azipukuta galasi la kamera ndi nsalu asanajambule, ndipo azinditumizira zithunzi pa WhatsApp posankha Document, osati ngati chithunzi wamba. Njira yawamba ija imachepetsa chithunzi dala pofuna kusunga deta, ndipo pocheza ndi abale ndi bwino ndithu. Document imafikitsa fayilo yonse monga ilili.

Lachitatu, 5 Marichi

Lero ndi la masamu a kukula.

Foni ya mayi ili ndi sikirini ya mapikiselo 720 m'lifupi, koma tsamba limaiwerenga ngati 360. Apa m'pamene ambiri amagwera. Pikiselo imodzi ya pa tsamba imajambulidwa ndi mapikiselo awiri enieni m'lifupi pa foni imeneyi, ndipo pa foni yanga, yomwe ndi ya 1080, imajambulidwa ndi atatu. Choncho ngati malo a chithunzi pa tsamba ndi 180, chithunzi cha mapikiselo 180 chioneka chofewa. Chofunika ndi cha 360 pa foni ya mayi, ndi cha 540 pa yanga.

Pa mndandanda madiresi akhala awiriawiri, lililonse theka la sikirini, ndiyo 180 ija. Ukadina, diresi likudzaza sikirini yonse: 720 pa foni ya mayi, 1080 pa yanga. Pa laputopu malo ake ndi 600, ndipo pa malaputopu a sikirini yosalala kwambiri pafunika 1200. Ndasankha kuti diresi lililonse likhale ndi zithunzi zitatu, cha 400, cha 800 ndi cha 1200 m'lifupi. Kupitirira 1200 palibe angaone kusiyana pa tsambali.

Kungochoka pa 3000 ndi 4000 kufika pa 1200 ndi 1600, mapikiselo atsika kuchoka pa 12 miliyoni kufika pa 1.9 miliyoni. Magawo asanu mwa asanu ndi limodzi apita ndisanakhudze n'komwe za kufinya. N'chifukwa chake ndimayamba ndi kukula nthawi zonse. Munthu akasiya chithunzi pa 3000 n'kumangotsitsa nambala ya `quality`, yomwe ikatsika chithunzi chimafinyidwa kwambiri, mpaka 30, amapeza fayilo yolemerabe komanso yonyansa.

Ndikugwiritsa ntchito ImageMagick, pulogalamu yosinthira zithunzi polemba malamulo. Poyesa koyamba ndinalemba mwachangu, ndikungochepetsa ndi `-resize` n'kuchotsa zolembedwa zobisika ndi `-strip`. Zotsatira zake zinandiseketsa ndekha: madiresi asanu ndi awiri anatuluka atagona chammbali. Kamera ya foni nthawi zambiri imasunga chithunzi chogona, n'kulemba kachizindikiro mu EXIF, zolembedwa zobisika zija, kouza pulogalamu kuti ichiimike poonetsa. Ine ndinafufuta kachizindikiroko ndisanachiimike chithunzicho. Mankhwala ake ndi `-auto-orient`, ndipo iyenera kubwera poyambirira.

Vuto lachiwiri linali lobisika, ndipo analiona ndi mayi osati ine. Ndinawatumizira zinayi kuti aone, n'kundiimbira. "Achimwene, diresi la olenji lija mwalichapa ndi chiyani? Lasuluka."

Zinayizo zinajambulidwa ndi iPhone ya kasitomala wina pa chinkhoswe. Nditayang'ana ndi `magick identify -verbose` ndinapeza mzere wakuti `icc:description: Display P3`. Mafoni amenewa amalemba mitundu ndi muyeso wotakata kuposa sRGB, womwe ndi muyeso womwe bulawuza imaganizira ikapanda kuuzidwa kanthu. `-strip` inachotsa chikalata chofotokoza muyesowo, manambala a mitundu n'kutsala momwemo, ndipo bulawuza inawawerenga molakwika. Olenji ndi kufiira ndi zomwe zimasuluka moonekeratu. Choyenera ndi kusandutsa mitundu kupita ku sRGB kaye, kenako n'kuchotsa. Lamulo lomwe ndakhazikikapo ndi ili:

```
magick d07.jpg -auto-orient -profile sRGB.icc -resize "1200x>" \
  -unsharp 0x0.6+0.6+0.02 -strip d07-1200.png
```

Fayilo ya `sRGB.icc` iyenera kukhala mu foda yomweyo. Kachizindikiro ka `>` kakuletsa kukulitsa chithunzi chomwe ndi chaching'ono kale. `-unsharp` ikubwezeretsa kuthwa pang'ono, chifukwa kuchepetsa kulikonse kumafewetsa m'mphepete mwa mizere. Ndaika yochepa dala, popeza ikachuluka pamabwera kamzere koyera kozungulira diresi ngati lamatidwa ndi guluu, ndipo fayilo imalemeranso. Ndikusunga ngati PNG pakadali pano chifukwa PNG sitaya kanthu, ndiye kufinya kotaya zinthu kuchitika kamodzi kokha, pomaliza.

`-strip` sindingaisiye ngakhale yandivutitsa kawiri. Mu EXIF ya zithunzi zina munali malo enieni pomwe zinajambulidwira, ndipo ziwiri zinajambulidwa kunyumba kwa mayi.

Lachinayi, 6 Marichi

Tsiku la diresi lofiira.

Ndinayamba ndi kufunafuna nambala ya kufinya. Ndinatenga madiresi atatu osiyana: lachikasu la maluwa akuluakulu, lobiriwira la nsalu yopanda maluwa lokhala ndi chitenje m'mphepete mokha, ndi nambala 7, lofiira lokhala ndi timizere topyapyala ta buluu wakuda topiringizana ngati ukonde. Lililonse ndinalifinya ngati WebP, mtundu wa fayilo ya chithunzi wopangidwira masamba a pa intaneti, pa `quality` ya 90, 80, 70 ndi 60, n'kuziika pa foni, chifukwa kasitomala adzaonera pa foni, osati pa laputopu yanga.

Awiri oyambawo sanavute. Pa 80 sindinathe kusiyanitsa ndi choyambirira. Pa 70 ulusi wa nsalu yobiriwira ija unayamba kusalala ngati pulasitiki, ndipo pa 60 mapindo anataya mithunzi yake. Ndakhazikika pa 78. Lachikasu la 1200 latuluka 260 KB, lobiriwira 150 KB. Nambala ndi imodzi, kukula n'kumodzi, koma kulemera kwasiyana chonchi chifukwa cha maluwa basi. Ndiye amene amalamula kuti chithunzi chilichonse chisapitirire 100 KB sanajambulepo chitenje.

Lofiiralo linakana. Pa 80 timizere ta buluu tinaoneka ngati inki yonyowa, kufiira kutalowerera m'kati mwake, mtundu n'kusanduka wa zofiirira zosadziwika bwino. Ndinakweza kufika 90, fayilo inalemera koma kusungunukako kunalipobe. Pa 95 chimodzimodzi. Kukweza nambala kukapanda kusintha kanthu, dziwani kuti vuto silili pa nambalayo.

Nkhani yake ili motere. JPEG ndi WebP sizisunga kufiira, kubiriwira ndi buluu mwachindunji. Zimagawa chithunzi pawiri, mbali ya kuwala ndi mbali ya mtundu. Diso la munthu limaona msanga kusintha kwa kuwala koma limachedwa pa kusintha kwa mtundu, ndiye pofuna kusunga malo, kuwala kumalembedwa pa pikiselo iliyonse pomwe mtundu umalembedwa umodzi wokha pa mapikiselo anayi oyandikana, awiri m'lifupi awiri m'litali. Kachitidwe kameneka mumakaona kolembedwa kuti 4:2:0. Pa nkhope ya munthu, pa mtengo, pa nyumba, simungadziwe n'komwe kuti zachitika. Ngakhale pa diresi lachikasu lija palibe vuto, chifukwa mizere yake ndi yakuda pa chikasu, kusiyana kwake ndi kwa kuwala, ndipo kuwala kumasungidwa konse.

Koma kufiira kozama ndi buluu wakuda, zonse ndi zoderako. Ndinayesa kulisandutsa diresilo kukhala lakuda ndi loyera, ndipo ukonde uja unatsala pang'ono kuzimiririka. Kusonyeza kuti maluwa a chitenjechi ali mu mtundu osati mu kuwala, ndipo mtunduwo ndi womwe ukugawanidwa ndi mapikiselo anayi. Kamzere kopyapyala ka mapikiselo awiri sikangapulumuke. Kuyesa kumeneku ndakutenga ngati njira yodziwira msanga: ukachotsa mitundu maluwa n'kutha, chitenjecho chivuta.

WebP yotaya zinthu imagwiritsa 4:2:0 nthawi zonse, palibe pozimitsira. Chomwe ilipo nacho ndi `-sharp_yuv`, yomwe imawerengera mtundu wogawanawo mosamala kwambiri kuti m'mphepete musasungunuke.

```
cwebp -q 78 -m 6 -sharp_yuv d07-1200.png -o d07-1200.webp
```

Zinathandiza ndithu. Timizere tinayera, kufiira kunabwerera mphamvu, ndipo fayilo inangokwera pang'ono, kufika 310 KB. Ndaganiza zoika `-sharp_yuv` pa zithunzi zonse, popeza mtengo wake ndi nthawi yodikira pa laputopu yanga basi. Komabe nditakulitsa ndi zala pa foni, monga momwe mayi aliyense wofuna diresi la chinkhoswe angachitire, ukondewo unali usanafike pa choyambirira.

Ndiye ndinabwerera ku JPEG yakale yomweyi, yomwe imalola kusunga mtundu pa pikiselo iliyonse:

```
magick d07-1200.png -sampling-factor 4:4:4 -quality 80 d07-1200.jpg
```

Yatuluka 470 KB, ndipo kamzere kalikonse kali pamalo pake. Wina angafunse kuti kodi kamera ya foni siinagawanitse kale mitunduyo pojambula? Inatero, koma pa chithunzi cha 3000 m'lifupi, theka lake ndi 1500, zomwe zikuposabe 1200 yomwe tikufuna. Mtundu ulipo wokwanira. Pa chithunzi chodutsa kale m'macheza a pa foni, chochepetsedwa kale, 4:4:4 ingangowonjezera kulemera popanda chobwezera. Apa ndi pomwe khama la Lachiwiri lija lalipira.

Kusiyana kwa 310 ndi 470 ndi 160 KB, kupitirira pang'ono sekondi imodzi pa netiweki ija ya megabiti imodzi. Ndalingalira kwa nthawi ndithu. Chithunzi chachikuluchi chimatsika pokhapokha munthu akadina diresilo, ndipo wodinayo ndiye kuti walifuna, akufuna aone chitenje chenicheni asanatumize ndalama. Sekondi imodziyo ndailola. Pa 24 aja, asanu alephera mayeso ochotsa mitundu, onse ofiira kapena a pinki wozama. Amenewa zithunzi zawo zazikulu zikhala JPEG ya 4:4:4, ena onse WebP. Pa tizithunzi ta pa mndandanda onse akhala WebP, chifukwa pa kukula kumeneko ukondewo suoneka kale.

Fayilo ina ya zithunzi yotchedwa AVIF nayo imatha kusunga mtundu wonse ndipo nthawi zambiri imapepuka kuposa izi. Ndaisiya kaye. Ingafune kuti diresi lililonse likhale ndi mafayilo owirikiza kawiri chifukwa cha mafoni akale, ndipo amene adzapitirize ntchitoyi ndikachoka ndi mtsikana wa pa shopu uja.

Lachisanu, 7 Marichi

Magetsi anazima m'mawa, batire ya laputopu inatha cha m'ma 11 koloko. Ndangokwanitsa kuyendetsa malamulo aja pa madiresi onse ndi kusintha mayina a mafayilo. Zoyambirira ndaziika mu foda yakeyake yomwe sindikhudza, ndipo ndakopera pa fulashi yomwe ndikasiye ku shopu.

Loweruka, 8 Marichi

Zithunzi zili pa seva. Tsopano bulawuza iyenera kudziwa kuti itenge chiti mwa zitatuzo, ndipo zimenezi zimalembedwa mu `srcset`. Ndinalemba, ndinatsegula tsamba, linaoneka bwino, ndipo ndinatsala pang'ono kutseka laputopu. Mwamwayi ndinatsegula kaye DevTools ya Chrome pa gawo la Network, nditaiyerekezera ndi foni ya mayi. Mndandanda wonse unali 3.2 MB, pomwe masamu anga ankati usafike 1 MB.

Mayina a mafayilo otsika onse ankathera ndi `-800.webp`. Ndinali nditaiwala `sizes`. Bulawuza imasankha chithunzi isanamalize kuyala tsamba, ndiye sidziwa kuti malo ake ndi theka la sikirini pokhapokha uiuze. Ukapanda kuiuza imaganiza kuti chithunzi chidzaza sikirini yonse, 360 kuchulukitsa kawiri, 720, n'kutenga cha 800. Cholakwika chamtunduwu sichioneka ndi maso, chifukwa zithunzi zimakhala zokongola bwinobwino. Chimaonekera pa bandulo ya kasitomala.

Nditakonza, foni ya mayi inayamba kutenga za 400, chilichonse pafupifupi 38 KB, zonse 0.9 MB. Koma pa foni yanga zinali zikadali za 800. Apa bulawuza sinalakwe: ikufuna 540, cha 400 n'chochepa, chotsatira ndi 800. Mpata wapakati pa ziwirizi ndi womwe unali waukulu. Ndawonjeza cha 600, cholemera pafupifupi 80 KB, ndipo mndandanda pa foni yanga watsika kuchoka pa 3.2 MB kufika pa 1.9 MB.

```
<img src="d07-600.webp"
  srcset="d07-400.webp 400w, d07-600.webp 600w, d07-800.webp 800w"
  sizes="(min-width: 900px) 280px, 50vw"
  width="600" height="800" loading="lazy"
  alt="Diresi lofiira la chitenje">
```

`width` ndi `height` zilipo kuti malo a chithunzi asungidwiretu chisanafike. Pa tsamba lakale, munthu ankati akafuna kudina diresi lina, chithunzi cha pamwamba n'kutulukira, zonse n'kukankhidwira pansi, chala n'kugwera pa diresi lolakwika.

`loading="lazy"` imachedwetsa chithunzi mpaka munthu atayandikira pomwe chili. Poyamba ndinaiika pa onse 24, koma ndaichotsa pa anayi oyambirira. Amenewo amaoneka tsamba likangotseguka, ndipo kuwaika pa mzere wodikira kumangowachedwetsa pachabe. Anayiwo pamodzi ndi 152 KB pa foni ya mayi.

Ndayesa ndi PageSpeed Insights, chida cha Google choyezera liwiro la tsamba. Muyeso womwe ndimayang'ana ndi LCP, nthawi yomwe chinthu chachikulu pa sikirini chimatenga kuti chioneke, ndipo malire abwino ndi masekondi 2.5. Tili pa 2.1.

Lolemba, 10 Marichi

Ndinapita ku shopu kukayesa pa foni yeniyeni, pa deta osati pa waifai, titakhala m'kati mwenimweni momwe netiweki imavutira. Madiresi anayi oyamba anaoneka ndisanamalize kuwerenga mpaka atatu. Mayi anatsitsa mndandanda ndi chala, n'kudina nambala 7, n'kulikulitsa mpaka pa mkono. Anadzuka, n'kukatenga chidutswa cha chitenje chomwecho chomwe chinatsala posoka, n'kuchigundanitsa ndi sikirini.

"Ndi chomwechi," anatero. Kenako anadina lachikasu lija. "Koma ili, achimwene, mwalidula m'munsi. Mpendero wake suli kuoneka, ndipo anthu amagula chifukwa cha mpenderowo."

Zoona. Zithunzi zinayi za pa chinkhoswe zija sizinali za muyeso wa 3 kwa 4 ngati zinzake, ndi zazitali kwambiri, ndipo CSS ya tsambali ili ndi `object-fit: cover`, yomwe imadula zotsala kuti chithunzi chikwane m'bokosi. Pa laputopu sindinalabadire chifukwa ine mpendero sindiudziwa kufunika kwake. Ziwiri ndazidula ndekha pamanja, kuchotsa kumwamba komwe kunali denga la tenti n'kusiya kumunsi. Ziwiri zinazo diresi ladzaza chithunzi chonse, palibe podula, ndiye tijambulanso pakhonde eni ake akabwereketsa madiresiwo.

Tili pomwepo, kasitomala wina wa ku Mzuzu anatumiza uthenga kuti kwa iye zithunzi zikadali mbuu. Ndinamupempha ajambule sikirini yake. Akugwiritsa bulawuza ya mtundu wosunga deta, yomwe imadutsitsa tsamba pa seva zake n'kufinyanso zithunzi zisanafike pa foni. Izi sindingazikonze kuchokera kwa ine. Mayi anamuuza kuti akweze muyeso wa zithunzi mu bulawuzayo kapena atsegule ndi ina, ndipo patapita kanthawi anayankha kuti lofiira lija akulifuna, koma la mikono yaitali.

Zotsala sabata ino ndi ziwiri. Choyamba ndi zithunzi ziwiri zojambulanso zija. Chachiwiri ndi chachikulu: madiresi atsopano amatuluka sabata iliyonse, ndipo mtsikana uja sangamalembe malamulo a ImageMagick pamanja. Ndikumulembera kasikiriputi koti aziika zithunzi mu foda imodzi pa kompyuta ya pa shopu, n'kudina kamodzi, makulidwe anayi aja n'kutuluka okha. Chomwe kasikiriputiko sikangadziwe ndi chitenje chofuna JPEG ya 4:4:4. Lero ndamuonetsa mayeso ochotsa mitundu pa foni yake, pogwiritsa sefa ya zakuda ndi zoyera yomwe ili kale mu pulogalamu ya zithunzi. Anayesa pa zitenje zisanu ndi chimodzi za pa shelefu, ndipo anandipezera chimodzi chomwe sindikanachiganizira, chobiriwira chokhala ndi madontho a pepo. Mafoda akhala awiri, ndipo wachiwiriwo watchula yekha kuti `zovuta`. Ndibwerako Lachinayi ndi kasikiriputiko.